Funde likakula kawiri, dzanja limavutika kanayi

Chaka ndi chaka ndikamachonga mapepala a fizikisi ndimakumana ndi yankho lomwelomwelo, ndipo landitopetsa. Funso limati: munthu akugwedeza chingwe, ndiye wakulitsa funde kawiri, kodi pawa yasintha bwanji? Ambiri amalemba kuti nayonso yakula kawiri. Ayi ndithu. Yakula kanayi.

Mawu oti mphamvu amatisokoneza chifukwa timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana, choncho pano ndizisiyanitsa. Fosi ndi kukoka kapena kukankha. Enaje ndi imene funde limanyamula. Pawa ndi kuchuluka kwa enaje imene ikudutsa pamalo pa sekondi iliyonse, ndipo timaiyeza m'mawati.

Mangirirani chingwe chachitali kumtengo, muchikunge, pakati mumangepo kansanza kofiira. Mukayamba kugwedeza, funde limathamangira kumtengo koma kansanza sikapita nalo. Kamangokwera ndi kutsika pomwepo. Apa pali maliwiro awiri, ndipo kuwasakaniza ndiye gwero la vuto lonseli. Liwiro la funde limadalira kukungika kwa chingwe ndi kulemera kwake basi. Kaya mugwedeze kwambiri kaya pang'ono, silisintha. Limene limasintha ndi liwiro la kansanza. Ampulichudi ndi mtunda umene kansanza kamakwera kuchokera pamene chingwe chimagona chikakhala phee. Mukakulitsa ampulichudi kawiri koma osasintha kuchuluka kwa magwedezo pa sekondi, kansanza kayenera kuyenda mtunda wowirikiza pa nthawi yomweyo, choncho kamathamanga kawiri. Enaje ya chinthu choyenda ndi ½mv², pamene m ndi kulemera kwake ndipo v² ndi sikweya wa liwiro lake, kutanthauza liwiro kulichulukitsa ndi ilo lomwe. Kawiri kuchulukitsa ndi kawiri, ndiye kanayi.

Ine ndimakonda kuzionera padzanja penipeni. Pawa ndi fosi kuchulukitsa ndi liwiro. Funde likakula, chingwe chimapendekeka kwambiri pamene mwagwirapo, ndiye chimakoka dzanja lanu m'mwamba kapena pansi ndi fosi yowirikiza. Pa nthawi yomweyo dzanjalo likuyenda pa liwiro lowirikiza. Zinthu ziwiri zakula limodzi, chilichonse kawiri. Sikweya uja amachokera pamenepa, sikuti wina anangomuikapo kuti ana avutike.

Tikatenga avereji ya kugwedeza kumodzi kwathunthu timapeza P = ½μvω²A². Apa P ndi pawa, μ ndi kulemera kwa mita imodzi ya chingwe, v ndi liwiro la funde, A ndi ampulichudi, ndipo ω ndi 2π kuchulukitsa ndi f, kuchuluka kwa magwedezo pa sekondi. Tiyese ndi chingwe cholemera makilogalamu 0.1 pa mita, chokungidwa ndi fosi T ya manyutoni 40. Liwiro la funde ndi v = √(T/μ) = √400, omwe ndi mamita 20 pa sekondi. Mukugwedeza kawiri pa sekondi, choncho ω = 2πf ndi pafupifupi 12.6, ndipo ω² ndi pafupifupi 158. Ampulichudi ikakhala masentimita 10, kapena kuti mamita 0.1, tiwerengera ½ × 0.1 × 20 × 158 × 0.01, zomwe zikutipatsa mawati pafupifupi 1.6. Ikafika masentimita 20, mawati ndi 6.3. Funde likuyendabe mamita 20 pa sekondi ngati kale, koma mita iliyonse ya chingwe yasenza enaje yochuluka kanayi.

Pali mtsikana wina wa m'kalasi langa amene nkhani yake imandipwetekabe mtima. Anali wakhama zedi, fomula ankaidziwa pamtima, ndipo masamu sanaphonye paliponse. Koma pachithunzi anayeza kuchokera pamwamba penipeni pa funde mpaka pansi penipeni, n'kunena kuti imeneyo ndi A. Ampulichudi timayeza kuchokera pamene chingwe chimagona chikakhala phee, kukafika pamwamba. Anaphonya kawiri poyeza, yankho linaphonyeka kanayi. Nditamufunsa chifukwa chimene A ali ndi sikweya, anandiyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, m'manotsi analemba choncho." Manotsiwo anagula kwa anthu amene amalonjeza kuti mwana akhoza mayeso m'milungu iwiri.

Makolo, chenjerani nawo anthu amenewa. Amaloweza ana mizere ya zilembo popanda kuwagwiritsa chingwe ngakhale kamodzi, ndipo sawauza pamene fomula imalekera kugwira ntchito. Imafuna kuti chingwe chizipendekeka pang'ono chabe. Mukachikwapula mwamphamvu, kukungika kumasintha ndipo yankho limasokonekera. Imanenanso za funde loyenda mbali imodzi. Funde likagunda mtengo n'kubwerera lonse, funde lopita ndi lobweralo amapanga funde loima, ngati la pa waya wa gitala, ndipo avereji ya pawa yodutsa imakhala ziro ngakhale chingwe chikuvina. Mwana woloweza amaikabe manambala m'fomula n'kupeza mawati amene kulibe.

Komanso mukaona funde likufika kutsogolo litachepa ndi theka, musati theka la enaje latayika. Latsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Atatu athera m'mpweya ndi m'kukhulana kwa ulusi wa chingwe. Musadikire kuti mayeso ayandikire kuti mudziwe ngati mwana wanu akumvetsa zimenezi. Mupatseni chingwe choyanikira zovala sabata ino, amange kansanza, agwedeze pang'ono kenako kwambiri, ndipo akuuzeni liwiro limene lasintha.