Ndalama za sevelansi: tsamba limodzi la lamulo silikwanira

Ndatopa nacho chithunzi china chimene chikuyendayenda m'mafoni muno m'Kasungu. Ndi cha tsamba limodzi la lamulo la za ntchito, pamene pali tebulo la sevelansi, ndalama zimene olemba ntchito amapereka kwa wantchito ntchito ikamuthera, loonetsa masabata awiri, masabata atatu ndi masabata anayi. Munthu ntchito ikamuthera ku esiteti, kusitolo kapena kusukulu yapulaiveti, amafika kwa ife othandiza anthu pa zamalamulo foni ili m'manja, n'kuloza tebulolo: "Bambo, si izi apa? Zaka khumi ndagwira ine, andipatse zanga." Tsambalo si labodza ayi, ndi lochokeradi m'lamulo. Koma likuyankha theka la funso. Theka linalo lili kutali, m'kati mwa buku, ndipo amene anajambula chithunzicho sanafikeko.

Funso loti "kodi ndilandira zingati za sevelansi?" lili ndi mafunso awiri m'mimba mwake. Loyamba ndi loti kodi mmene ntchito yanga yatheramu, ndili m'gulu la oyenera kulandira? Lachiwiri ndi loti ngati ndilimo, ziwerengedwa bwanji? Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, monga linasinthidwira mu 2010, limayankha loyamba pa gawo 35. Lachiwiri limaliyankha kumapeto kwenikweni kwa buku, mu ndandanda woyamba, mutadutsa magawo ena ambirimbiri onena za maola a ntchito, livi, malipiro ndi chilango. Olemba malamulo amachita dala zimenezi: mfundo amaiika m'gawo, manambala amawasunga kumapeto. Ndiye wowerenga ndi amene ayenera kulumikiza.

Gawo 35 limatchula mmene ntchito iyenera kuthera kuti sevelansi ituluke. Ndi pamene olemba ntchito achepetsa antchito kapena athetsa udindo wanu, pamene achita zimenezo chifukwa cha mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, ndiponso pamene munthu wachotsedwa mopanda chilungamo. Kenako gawolo limatseka chitseko, kunena kuti kupatula pamenepa palibenso pena. Wosiya yekha ntchito mwa kufuna kwake mulibe m'menemo. Wochotsedwa moyenera chifukwa cha kuba kapena kujomba mulibenso. Koma m'gawo lonselo simupezamo masabata angati pa chaka. Limangomaliza chiganizo ndi mawu okutumizani kwina, oti ndalamazo ziwerengedwe motsatira chigawo choyamba cha ndandanda woyamba. Mawu amenewa anthu amawalumpha ngati okongoletsa chabe. Amenewo ndiye mlatho. Mukaona chikalata chachitali chikuti "motsatira ndandanda wakutiwakuti", "molingana ndi gawo lakuti" kapena "kupatula zimene zanenedwa pa gawo lakuti", dziwani kuti yankho silinathe. Ikani chala pamene mulipo, mutsegule kumene akutumizaniko, muwerenge, kenako mubwerere ndi zimene mwapezazo ku chiganizo chimene chinakutumani.

Tiyeni tiwerengere limodzi nkhani ya munthu mmodzi. Tinene kuti ndi kalaliki wa pa esiteti ya fodya cha ku Santhe, wagwira zaka 12 ndi miyezi 8, ndipo malipiro ake amakwana K30,000 pa sabata. Kalata imene wapatsidwa ikuti esiteti yachepetsa munda wa fodya, choncho malo ake atha. Tiyambe ndi gawo 35: kuchepetsa antchito kuli pa mndandanda uja, ndiye bamboyu alimo. Apa m'pamene timaloledwa kupita kumapeto.

Kumapetoko tebulo limawerenga zaka zathunthu zokha, choncho miyezi 8 ija ikugwa, tatsala ndi zaka 12. Ndipo zaka zimenezi siziwerengedwa pa mtengo umodzi. Zaka zisanu zoyambirira ndi malipiro a masabata awiri pa chaka, kukwana masabata 10. Kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi ndi masabata atatu pa chaka, kukwana masabata 15. Kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo ndi masabata anayi pa chaka, ndipo iyeyu ali nazo ziwiri, kukwana masabata 8. Tikaphatikiza ndi masabata 33. Tikachulukitsa ndi K30,000 tikupeza K990,000.

Onani tsopano mmene anthu amasocherera pa tebulo lomweli. Wina amangothamangira mzere wapansi, n'kuona masabata anayi, n'kuchulukitsa ndi zaka zonse 12. Amapeza masabata 48, K1,440,000, ndipo amapita kwa abwana ake atakwiya kale, akukhulupirira kuti akumubera K450,000. Kalaliki wa malipiro wosasamala, kapena wosamala thumba la abwana, amangotenga mzere wapamwamba, masabata awiri pa zaka zonse, n'kulemba K720,000. Wantchito akasaina osaona, wataya K270,000. Onse awiri awerenga tsamba lolondola, koma aliyense watolapo mzere umodzi wokha.

Pali msampha wina pafupi pomwepo. Ndandanda woyambawo uli ndi chigawo chachiwiri, chimene ndi cha galachuwite, ndipo chimenecho chimayenda ndi gawo lina, 35A. Chiganizo cha gawo 35 chinatchula chigawo choyamba, osati ndandanda wonse. Mukafika kumapeto musangotola tebulo lililonse limene lili ndi manambala okusangalatsani. Yang'anani mutu wake, muone ngati ndi lomwelo limene munatumizidwako.

Kulakwitsa masamu kumakonzeka, timakhala pansi n'kuwerengeranso. Kumene sikukonzeka ndi kuyambira kumapeto osaona gawo 35 n'komwe, ndipo nkhani imene imandiwawabe ndi yotere. Bambo wina wachikulire, mlonda wa zaka zoposa khumi pa malo amodzi, anamva mphekesera kuti esiteti ikhoza kutseka. Anakumana ndi dobadoba wina wa pa boma pano, mwa aja amayenda ndi chikwama cha mapepala n'kumadzitcha odziwa malamulo. Anamuonetsa tebulo lija, n'kumuwerengera ndalama zambiri, n'kumuuza kuti: "Madala, musadikire atseke. Lembani kalata yosiya ntchito mutenge zanu zisanathe." Kalatayo anamulembera yekha, n'kulandira yake ya ntchitoyo. Bamboyo anasaina. Atapita kukafunsa sevelansi, anamuyankha kuti wasiya yekha, ndipo pa mfundo imeneyo sanamunamize. Patangopita miyezi yochepa anzake anachotsedwadi chifukwa chochepetsa antchito, ndipo iwo analandira. Iye anabwera kwa ine ndi pepala limene dobadoba analembapo masamu, litapindidwa bwinobwino m'thumba la shati, akufunsa kuti: "Nanga a bambo, pamenepa palakwika pati? Masamuwa si olondola?" Zaka anaziwerenga bwino, malipiro anawalemba bwino. Koma tebulolo silinali lake, chifukwa kalata imene anasaina inamutulutsa m'gawo 35. Chiganizo chimodzi chokha, chikanawerengedwa tsiku limenelo, mdalayo akanadikira.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti alipo amene amasiya ntchito chifukwa chozunzidwa. Zoona, ndipo lamulo lomweli pa gawo 60 limazindikira kuti khalidwe la olemba ntchito likhoza kufika poti munthu sangayembekezeke kupitiriza. Wotereyu akhoza kuonedwa ngati wachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo njira imeneyo imamubwezera m'gawo 35. Koma zimenezo zimafuna umboni, ndipo amagamula ndi a khoti la za ntchito, osati mnzanu wa pa bawo. Mlonda uja sanazunzidwe. Anangochita mantha ndi mphekesera, ndipo kalata yake inanena poyera kuti akusiya mwa kufuna kwake, n'kuthokozanso abwana.

Chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri: malo awiri amene mukulumikizawo akhale a buku limodzi. Anthu ambiri akusungabe makope a lamuloli a kale, lisanasinthidwe mu 2010, ndipo gawo 35 la nthawi imeneyo linkanena zina. Wina amatenga gawo la kope lakale, n'kuliphatikiza ndi tebulo la kope latsopano limene wamutumizira mlamu wake wa ku Lilongwe, n'kutulutsa yankho limene silipezeka m'lamulo lililonse. Chithunzi chopanda chikuto, chopanda chaka, musachikhulupirire. Funsani kuona buku lonse.

Ine ndikamathandiza munthu, sinditchula nambala ndisanalembe chiganizo chimodzi chogwira mbali zonse ziwiri. Cha kalaliki wathu uja chingakhale chotere: popeza ntchito yatha chifukwa chochepetsa antchito, zimene gawo 35 limalola, ndipo wagwira zaka 12 zathunthu, zimene chigawo choyamba cha ndandanda woyamba chimaziwerengera masabata 33, ayenera kulandira K990,000. Yesani yankho lililonse limene mwapatsidwa ndi muyezo umenewu. Ngati muli nambala koma mulibe chifukwa chimene ntchito yathera, wokuuzaniyo wawerenga kumapeto kokha. Ngati akungoti "muli ndi ufulu wolandira" osatha kukuonetsani masabata angati pa zaka ziti, waima pakati pa njira. Dobadoba mudzamuzindikira pamenepa: mukamufunsa kuti akuonetseni gawo limene likutumiza ku tebulolo, amayamba kukamba za anthu amene amadziwana nawo ku khoti.

Ndipo musazengereze. Ngati mukuona kuti mwachotsedwa mopanda chilungamo, gawo 62 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lanu. Miyezi itatu si yambiri kwa munthu wa ku Chamama kapena ku Nkhamenya amene akudikira kaye agulitse soya kuti apeze ya thiransipoti, kapena amene abwana akumuuza mwezi ndi mwezi kuti "bwerani pa 30 tidzakambirane". Ambiri amene amafika mochedwa amakhala atathera nthawi yonseyo kwa dobadoba, akumupatsa ya mayunitsi ndi ya fotokope. Pitani ku leba msanga, ngakhale masamu musanawamvetse. Tengani kalata yokulembani ntchito kapena chilichonse choonetsa tsiku limene munayamba, mapepala a malipiro a miyezi yomaliza, ndi kalata yokuchotsani, chifukwa chifukwa cholembedwa m'kalata imeneyo ndi chimene tikachiike pambali pa gawo 35. Ngati abwana akuti mulembe nokha kalata yosiya ntchito kuti "zinthu ziyende mwachangu", musasaine tsiku lomwelo. Pemphani kope, mubwere nalo tiliwerenge kaye.