Katundu wolakwika akafika pa shopu, kalata yomukana izilembedwa msanga

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama a eni mashopu ndi magolosale, makamaka kuchokera pa Luchenza kukafika ku Muloza. Pa ntchitoyi ndimakumana kawirikawiri ndi dandaulo lakuti munthu anaoda katundu wina, galimoto yabweretsa wina. Ambiri amaimba foni, amakalipa, amauzidwa kuti "musadandaule bwana, tikonza", basi n'kukhala chete kudikira. Ndalama zambiri zimatayikira pa kudikirako.

Ndifotokoze nkhani ya mayi ena a golosale pa Chitakale, ndipo mitengo ndaizungulizako kuti masamu asavute. Iwo anaoda pa holoselo ina ya ku Limbe mabelo 15 a shuga pa K60,000 belo limodzi, ndi makatoni 10 a mafuta ophikira a lita imodzi, a mabotolo 12 m'katoni, pa K84,000 katoni imodzi. Shuga anakwana K900,000, mafuta K840,000, ndipo analipiriratu zonse K1,740,000 kudzera ku banki. Galimoto inafika madzulo mayiwo ali ku maliro. Mnyamata wa pa shopu anawerenga mabelo 15 ndi makatoni 10, anaona kuti nambala zakwana, n'kusaina pepala la dalaivala. Kutacha, anapeza kuti shuga ali bwino koma m'makatoni muli zigubu za malita 5, zinayi m'katoni iliyonse.

Wina angati mafuta ndi mafuta. Koma amene amagulitsa pafupi ndi maesiteti a tiyi akudziwa kuti makasitomala ake amagula botolo laling'ono tsiku la malipiro, ndipo chigubu chachikulu chimatha kukhala pa shelefu miyezi. Ndalama ya mpamba imagona m'katundu wosayenda, pomwe katundu woyenda palibe.

Lamulo loyendetsa malonda otere ku Malawi ndi la kugulitsana katundu, lomwe m'mabuku a malamulo lili pa chaputala 48:01. Limanena kuti katundu wogulidwa pomutchula mtundu ayenera kufanana ndi momwe anatchulidwira. Ngati wogulitsa wabweretsa katundu wolondola atasakaniza ndi wina amene sanaodedwe, wogula ali ndi ufulu wotenga wolondolayo n'kukana winayo, kapena kukana yense. Choncho mayi aja anali ndi ufulu wosunga shuga n'kukana mafuta. Kusaina kwa mnyamata pakokha sikunawamange, chifukwa lamulo limapatsa wogula mpata wokwanira woona katundu, ndipo kuwerenga makatoni otseka madzulo si kuona zam'kati.

Koma ufulu umenewu umatha. Lamulo lomwelo limati munthu wavomera katundu ngati wauza wogulitsa kuti wamuvomera, kapena wachita naye zinthu zoonetsa kuti akumutenga ngati wake, kapena wamusunga nthawi yaitali osanena kuti wamukana. Silitchula nambala ya masiku. Limangoti nthawi yoyenera, ndipo nthawiyo imatengera katundu wake: ya mkaka kapena buledi ndi yaifupi kuposa ya malata. Ine ndimalangiza kuti uthenga upite tsiku lomwelo, ndipo kalata ifike pasanathe masiku awiri.

Apa ndi pomwe panali vuto la mayi athu. Anaimba foni kwa wogulitsa wa pa holoselo, anauzidwa kuti zikonzedwa, ndipo panapita masiku anayi. M'masiku amenewo kunabwera munthu wophika tchipisi, mnyamata anatsegula katoni imodzi n'kumugulitsa zigubu ziwiri. Kugulitsa ndiko chizindikiro chachikulu chakuti munthu watenga katundu ngati wake. A holoselo akanafuna kulimba mtima akanati mafuta onse mwawavomera, lipirani pa mtengo wake. Ndipo mtengo wake unali K130,000 pa katoni, kutanthauza K1,300,000, ndiye kuti mayiwo akanafunika kuonjezera K460,000 pa katundu amene sankamufuna. Ndikunena izi chifukwa ena akalandira katundu wodula kuposa amene analipira amaganiza kuti atola mwayi. Wosunga katundu woteroyo amayenera kumulipira, ndipo a holoselo akawerenga sitoko yawo amadzatulukira ndithu.

Titakhala pansi, tinagwirizana kuti kalata inene zoona zokhazokha, kuphatikizapo za katoni yotsegulidwayo. Kubisa sikukanathandiza, popeza dalaivala akanabwera n'kupeza zigubu 38 m'malo mwa 40, ndipo nkhani yonse ikanasanduka yakuti mayiwo ndi osakhulupirika. Pamwamba tinalemba dzina la shopu, malo, nambala ya foni ndi tsiku, kenako motere:

"Kwa a Manijala. Bwana, KUKANA MAFUTA OBWERA MOLAKWIKA PA INVOISI NAMBALA 2217.

Pa 3 Malichi ndinaoda mabelo 15 a shuga ndi makatoni 10 a mafuta ophikira a lita imodzi, mabotolo 12 pa katoni, ndipo tsiku lomwelo ndinalipira K1,740,000 ku akaunti yanu. Galimoto yanu inatula katundu pa 5 Malichi madzulo. Shuga anafika bwino ndipo ndamulandira. Mafuta amene anabwera ndi makatoni 10 a zigubu za malita 5, omwe sindinaode. Ndinadziwitsa wogulitsa wanu pa foni pa 6 Malichi m'mawa.

Mafuta amenewa ndawakana. Makatoni 9 ndi osatsegula, ndawaika padera m'sitolo, ndipo mutha kudzawatenga tsiku lililonse la ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa. Katoni imodzi inatsegulidwa ndi wantchito wanga mosadziwa, ndipo imeneyo ndiigula pa mtengo wanu wa K130,000.

Ndikupempha kuti pofika pa 17 Malichi mundibweretsere makatoni 10 a lita imodzi pa mtengo womwe tinagwirizana wa K84,000, ndipo ine ndidzalipira K130,000 ija tsiku lomwelo. Ngati simungathe kutero pofika tsikulo, mundibwezere K710,000, yomwe ndi K840,000 ya mafuta kuchotsapo K130,000, ku akaunti yomwe ndinalipirira. Mtengo wa galimoto yodzatenga ndi yobweretsa katundu ukhale wanu. Ndaphatikiza makope a oda, invoisi, pepala lotulira katundu, umboni wa ku banki ndi zithunzi za makatoni. Ine wanu pa malonda."

Pansi pake mayiwo anasaina okha, chifukwa dzina la pa invoisi ndi lawo.

Mawu ofunika kwambiri m'kalata yonseyi ndi akuti "ndawakana". Makalata ambiri amene anthu amandionetsa amakhala odandaula basi: zandikhumudwitsa, ndine kasitomala wanu wakale, chonde onanipo. Ulemu ndi wabwino, ndipo ndi anthu amene mawa mudzapikulakonso, koma kalata yotero ikakafika kwa majisitireti sionetsa kuti katundu anakanidwa. Imangoonetsa kuti munthu sanasangalale. Mutha kulemba mwaulemu wonse, bola chiganizo chokanacho chikhale chachifupi ndi chosazungulira. Chilankhulo sichiletsa. Ngati mumalemba bwino Chichewa lembani Chichewa, kusiyana n'kulemba Chingerezi chomwe chinganene zomwe simunafune kunena.

Onaninso kuti kalata ikuti "mudzawatenge", osati "ndikubweretserani". Pokhapokha ngati munagwirizana zina, lamulo silikakamiza wogula amene wakana katundu molondola kuti amubweze yekha. Kudziwitsa wogulitsa n'kokwanira. Ndaonapo anthu akukweza makatoni pa minibasi ulendo wa ku Limbe ndi ndalama zawo, panjira chigubu n'kuphulika, kukafika a holoselo n'kukana kulandira chifukwa katundu waonongeka. Komabe werengani timalemba ta kumbuyo kwa invoisi, chifukwa ena amalembapo masiku odandaulira ndi njira yobwezera katundu, ndipo ngati munagula pa mfundo zimenezo zingakugwireni. Pa nthawi yodikira, katunduyo musamalireni ngakhale si wanu. Kuno ku Mulanje chinyezi n'chambiri, ndiye makatoni akhale pa matabwa, kutali ndi khoma ndi denga lodontha, ndipo pakhale pepala lolembedwa kuti "osagulitsa" kuti wantchito aliyense aone.

Za mtengo, musaiwale kulemba kuti katundu wolowa m'malo abwere pa mtengo womwe munagwirizana. Mitengo ya mafuta ndi shuga imatha kusintha sabata imodzi isanathe, ndipo kalata ikangoti "mundisinthire", ena amawerenga ndalama yanu pa mtengo watsopano n'kukubweretserani makatoni 9 m'malo mwa 10. Cholakwa chinali chawo, ndiye kukwera kwa mtengo kusagwere inu. Muikenso tsiku lenileni lomalizira. Mawu akuti "mwamsanga" alibe mapeto, pomwe tsiku likadutsa aliyense amaona kuti nkhani ya kusintha yatha, yatsala ya ndalama. Sabata imodzi ndi yokwanira kwa holoselo yomwe galimoto yake imadutsa msewu wa Limbe kupita ku Muloza kawirikawiri.

Pobweza ndalama, a holoselo ambiri amakonda kupereka keredeti noti, pepala lonena kuti muli ndi ndalama kwa iwo zoti mudzatengere katundu wina. Ngati mumapikula komweko sabata iliyonse, palibe choipa, ndipo pepalalo limathandizanso kuti mabuku anu ndi awo agwirizane. Koma dziwani kuti limakumangirirani pa holoselo imodzi. Ngati mafuta a lita imodzi awathera ndipo inu mukufuna kukagula kwina, muli ndi ufulu wonena kuti mukufuna ndalama, popeza munalipira katundu amene sanabwere.

Kalata ikalembedwa, nkhani yotsala ndi umboni wakuti inafika. Tinajambula kalatayo n'kuitumiza pa WhatsApp kwa manijala, osati kwa wogulitsa yekha uja, chifukwa amene analakwitsa oda nthawi zina amaopa kuuza abwana ake. Mawa lake mlongo wawo wa mayiwo anapita nayo ku Limbe ili m'makope awiri, ndipo wa pa kauntala anadinda chidindo ndi kulemba tsiku pa kope yathu. Galimoto inabwera pa 14 Malichi ndi makatoni 10 a lita imodzi. Ulendo uno mayiwo anatsegula katoni iliyonse dalaivala ali pompo, ndipo makatoni 9 aja asanakwezedwe anamulembetsa pa pepala kuchuluka kwake, nambala ya galimoto ndi siginecha yake. K130,000 anailipira ku akaunti ya holoselo, osati m'manja mwa dalaivala, n'kusunga lisiti pamodzi ndi kope ya kalata ija.