Nyale ya mumsewu mwathu: chopereka, osapereka ndi lamulo la nyumba 24

Amayi, tonse mumsewu mwathu ku Mtendere timadandaula za mdima. Bwanji wabizinesi osangoika nyale n'kumatilipiritsa?

Sangabise kuwala kwa amene sanalipire, vuto lake ndi lomwelo. Mukakwera minibasi yopita m'tauni opanda ndalama, kondakitala amakutsitsani. Mayunitsi a ZESCO akatha m'nyumba, magetsi amazima. Wogulitsa amapeza phindu chifukwa ali ndi pomaniza. Koma magetsi omwewo mukawatulutsa panja n'kuwakweza pamtengo, aliyense wodutsa amaona njira, kaya anapereka kaya sanapereke.

Palinso china. Tomato wa pa Soweto mukamugula inu, mnzanu samupezanso. Kuwala sikutha motero. Mayi wochokera ku ntchito ya usiku akadutsa pansi pa nyale, mwana wobwera pambuyo pake amapeza kuwala kuli chimodzimodzi. Chinthu chokhala ndi makhalidwe awiriwa, chosamanika ndiponso chosachepa pogawana, akatswiri a zachuma amachitcha katundu wa onse. Paul Samuelson wa ku Amereka ndiye anafotokoza masamu ake mu 1954. Ngalande yochotsa madzi a mvula ku Kanyama ili m'gulu lomweli, chifukwa ikaphwetsa msewu imaphwetsera aliyense.

Tikufuna kusonkha tokha. Poti aliyense akuifuna nyaleyo, zingakanike bwanji?

Tiwerengere limodzi, bambo, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti msewu wanu uli ndi nyumba 30, ndipo nyale imodzi ya sola, pamodzi ndi mtengo wake, simenti ndi woika, ikufuna K6,000. Tinenenso kuti banja lililonse mumtima mwake lingalole kutaya K300 kuti mdima uchoke. Mukaphatikiza, nyaleyo ndi yamtengo wa K9,000 kwa msewu wonse, kuposa K6,000 yogulira. Ndiye kuti ndi yoyenera kugulidwa, ndipo nyumba iliyonse ikapereka K200 nkhani yatha.

Tsopano lowani m'mutu mwa munthu mmodzi pamene msungichuma wagogoda pakhomo pake. Akuganiza motere: anzanga akapereka mokwanira, nyale iyaka ndipo indiunikira ngakhale K200 yanga ili m'thumba. Anzanga akapanda kupereka, K200 yanga payokha siigula kanthu, ingokakhala kwa msungichuma. Kulikonse kumene angaloze, kusunga ndalama kukumukomera. Si munthu woipa ameneyu. Lendi ikumudikira, thumba la ufa latsala pang'ono, ndipo wawerengera bwino za nyumba yake. Koma nyumba 18 zikawerengera chomwecho, zotsala 12 zimasonkha K2,400 yokha, nyale osagulidwa, ndipo nyumba zonse 30 zimagonabe mumdima umene zinali zokonzeka kuulipirira kuti uchoke.

Limeneli ndilo vuto la wofuna kukolola posalima. Limakula chifukwa cha manyazi a amene anapereka. Munthu amapirira umphawi, koma sapirira kudyeredwa masuku pamutu. Akaona kuti mnansi wake sanapereke, ulendo wachiwiri nayenso amatseka chitseko. Mungalizindikire vutoli msanga. Pamsonkhano manja onse amakwera, koma ikafika nthawi yosonkha mumamva kuti "yambani kwa ena, ine mundipeze kumapeto kwa mwezi".

Ndamva za lamulo loti ndalama isatoleredwe mpaka nyumba zokwanira zitalembetsa. Limayenda motani?

Ili ndilo lamulo limene ine ndimalilimbikitsa kwambiri, chifukwa limachotsa theka la mantha aja. Komiti imayenda ndi kabuku, osati ndi thumba. Nyumba iliyonse imasaina kuti idzapereka K250 pokhapokha nyumba 24 zitasaina lisanafike tsiku limene mwagwirizana. Zikakwana 24, muli ndi K6,000 ndendende, ndipo mumatolera mlungu womwewo mitima isanazizire. Zikapanda kukwana, palibe amene wataya ngakhale ngwee imodzi.

Taonani chimene chasintha. Uja ankati ndalama yake ingokakhala kwa msungichuma alibenso chonena. Ndipo kabuku kakafika pa nyumba 23, wosaina wa nambala 24 amadziwa kuti nyale yonse yatsamira pa dzanja lake. Akasaina, ataya K250 n'kupeza chinthu chimene kwa iye n'chokwana K300. Akakana, mdima upitirira.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osafuna nyumba zonse 30. Mukatero, khomo limodzi la munthu amene ali ulendo kapena wamakani lidzagwetsa ntchito yonse. Koma musatsitsenso malire kwambiri. Pa nyumba 20 aliyense apereka K300, yomwe ndi mapeto a zimene angalole, ndipo zikachepera apo anthu amati bola mdima. Choncho vomerezani kuti nyumba 6 zidzaunikiridwa ulere. Zimapweteka, koma kuumirira kuti onse apereke kumasiya onse opanda nyale.

Chimodzi mugwirizane musanayambe: m'puloti muli alandilodi ndi mabanja anayi alendi, asaine ndani? Wolendi angasamuke mwezi wamawa, pamene nyale idzakometsa pulotiyo kwa zaka. N'chifukwa chake chopereka chogulira chimayenera mwini nyumba.

Nanga si ntchito ya khonsolo imeneyi? Timalipira misonkho.

Ndi ntchito yake ndithu. Nyale za m'misewu ya mzinda zili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Lusaka, ndipo msonkho ulipo kaamba ka vuto lomwe tafotokozali. Msonkho sufunsa ngati mukufuna, choncho palibe wobisala kumbuyo kwa anzake. Katswiri wina wa zachuma, Mancur Olson, anaonetsa mu 1965 kuti gulu likamakula, kupereka mwaufulu kumafooka. Mumsewu wa nyumba 30 mumadziwana, mumakumana pamaliro ndi kutchalitchi, ndipo wosapereka amamva maso a anthu. Pamsewu waukulu wolowera ku Chipata, pamene pamadutsa anthu osadziwana tsiku lonse, palibe kabuku kangagwire ntchito.

Njira ina ndi CDF, thumba la boma lothandizira chitukuko cha m'madera, limene mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Mapempho a chitukuko amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu. Koma dziwani kuti kukolola posalima kumakutsatani kumenekonso. Kulemba pempho ndi kulilondola n'kotopetsa, phindu n'la onse, ndiye aliyense amadikira kuti apite mnzake. Sankhani anthu awiri ndi maina awo, ndipo muwasonkhere ya minibasi.

Yathu tinagula, inayaka bwino, tsopano yafa. Palibe akukonza.

Kukonza nakonso ndi katundu wa onse, ndipo n'kovuta kuposa kugula chifukwa chimwemwe cha chinthu chatsopano chatha. Anthu ambiri anatembenukira ku sola mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Koma sola si ya muyaya. Batire limafooka, ndipo chizindikiro chake n'chakuti nyale imayaka madzulo koma n'kuzima pakati pa usiku. Musanagule lina, pukutani kaye galasi lotengera dzuwa, chifukwa fumbi la chilimwe lokha limatha kuchepetsa mphamvu yolowa.

Ndalama yokonzera iyambe kusonkhedwa tsiku lomwe nyale yayaka, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi ngati chilimba, ndipo apa olendi alowemo nawo. Ulonda wake muupereke kwa amene imamupindulira koposa onse. Kawirikawiri amakhala wakantemba amene amagulitsa mpaka usiku. Mukaimika mtengowo pafupi ndi iye, nyale ikazima malonda ake ndiwo amayamba kugwa, ndipo adzakugogoderani m'mawa mwake.