Galimoto ikagwidwa ndi apolisi ku Joni: mayankho a ofesi yathu

Masabata apitawa benchi ya pa ofesi ya bungwe lathu la maliro yakhala ikudzaza ndi anthu a nkhani imodzi: galimoto kapena njinga yamoto yatengedwa ndi apolisi. Ena akufika atakwiya kale, ati ife tikungoyang'ana. Tasonkhanitsa mafunso amene akubwera kawirikawiri. Tinenereretu kuti ife si maloya, ndipo zolembedwa pa pepala limene apolisi anakupatsani ndi zimene muyenera kutsatira koyamba.

Pamene ndinaimika galimoto palibe. Yabedwa kapena yakokedwa?

Funsani ogulitsa malonda apafupi ngati anaona bulekidauni, kenako imbani ku JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, pa 011 375 5911 muwauze nambala ya galimoto. Akati alibe, katseguleni mlandu wa kuba ku polisi tsiku lomwelo.

Kodi apolisi onse si amodzi? N'chifukwa chiyani akungonditumiza uku ndi uku?

Si amodzi. JMPD ndi apolisi a mzinda. Iwo amakoka galimoto yoimikidwa poletsedwa, yotseka msewu, kapena yosiyidwa pamsewu wa m'tauni kupitirira masiku 7 osasuntha, ndipo zambiri zokokedwa m'kati mwa tauni zimapita ku paundi ya Wemmer, malo osungirako galimoto zogwidwa. SAPS ndi apolisi a dziko lonse. Iwo amagwira galimoto ikakhala ndi mlandu: yoganiziridwa kuti ndi yakuba, kapena yogwiritsidwa ntchito popalamula. Zotere zimalembedwa m'kaundula wa SAP 13 n'kupita ku mapaundi awo, monga ya ku Aeroton. Kupita ku Wemmer ndi nkhani ya SAPS n'kutaya ndalama ya minibasi. Onani chidindo cha pa pepala lanu musananyamuke.

Galimoto ndinagula ndi ndalama zanga, koma mapepala ali m'dzina la amene anandigulitsa. Andipatsa?

Funso ili ndi limene likutivuta kwambiri, ndipo sitikulonjeza chilichonse.

Wa pa zenera la paundi sadziwa za ndalama zimene munapereka. Iye amalemba nambala ya galimoto pa eNaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto wa pa kompyuta, ndipo dzina limene latuluka ndiye mwini. Kawirikawiri amafuna chiphaso cha mwiniyo, satifiketi ya galimoto imene kwathu timati bulubuku, laisensi ya amene adzaiyendetse potuluka, ndi risiti yosonyeza kuti mwalipira. Dzina la pa pasipoti yanu likasiyana ndi la pa kompyuta, nkhani imaima pomwepo.

Tiyerekeze chonchi. Bambo wina wa ku Rosettenville wagula kabaki kwa munthu amene anakumana naye pa intaneti. Walipira pamanja, wapatsidwa makiyi ndi bulubuku, agwirana chanza. Lamulo limati wogulitsa apereke fomu yachikasu ya NCO ku ofesi ya malaisensi, ndipo wogula alembetse galimoto m'dzina lake ndi fomu yabuluu ya RLV pasanathe masiku 21. Bamboyo sanalembetse chifukwa alibe TRN, nambala imene mlendo wopanda chiphaso cha dziko lino amalembetsera galimoto. Papita chaka. Tsiku lina waimika pa mzere wofiira pafupi ndi renki ya Bree kuti atsitse mabelo, pobwerera wapeza palibe.

Njira yake yachidule ndi imodzi: kupeza wogulitsa uja. Abwere yekha ndi chiphaso chake, kapena alembe afidaviti yonena kuti galimoto ya nambala yakuti, ya chesisi yakuti, anaigulitsa kwa uje tsiku lakuti ndipo akumulola kukaitenga, aphatikizepo kope ya chiphaso chake yodindidwa. Kulumbira afidaviti ndi kudinditsa kope ku polisi n'kwaulere. Bambo wathu naye atenge pasipoti, bulubuku yeniyeni osati chithunzi cha pa foni, ndi chilichonse chosonyeza kuti panali malonda: kapepala kosayinirana, uthenga wa ku banki, ngakhale mauthenga amene ankatumizirana. Mapepala otere taona akulandiridwa, koma taonanso munthu akubwezedwa nawo kuti mwiniyo aonekere maso ndi maso. Chigamulo ndi cha wamkulu wa paundi, osati chathu.

Nanga wogulitsa akasowa? Apa mpovuta, makamaka ngati amene anakugulitsani naye sanasinthe dzina, moti pa kompyuta pali munthu wachitatu amene simunamuonepo. Afidaviti yanu nokha nthawi zambiri siikwanira, chifukwa wakuba naye angathe kulumbira zomwezo. Pamafunika loya kapena chilolezo cha khoti, ndipo tsiku lililonse ndalama yosungira ikukwera. Onaninso bulubuku bwinobwino: ili ndi mizere iwiri, wa mwini ndi wa mwini chikole. Ngati pa mzere wachiwiriwo pakadali banki, ndiye kuti ngongole ya galimotoyo mwina sinathe, ndipo banki ili ndi mawu pa nkhaniyo kuposa inu.

Tikudziwa kuti TRN siipezeka mosavuta, ndipo ambiri sanasinthe dzina chifukwa cha zimenezo osati ulesi. Dandaulo limenelo ndi loona. Koma pa zenera la paundi silimveka.

Ndilipira zingati?

Sitilemba mtengo pano chifukwa mitengo ya mzinda imasintha pa 1 Julaye chaka chilichonse, ndiponso imasiyana malinga ndi kukula kwa galimoto. Chofunika kudziwa n'chakuti ndalamazo ndi zamitundu itatu. Pali yokokera, imene mumalipira kamodzi. Pali yosungira, imene imawerengedwa pa tsiku. Ndiye pali chindapusa cha mlandu weniweniwo, monga kuimika poletsedwa, chimene chimayenda pachokha ndipo mungathe kuchitsutsa. Amene amati "ndidikire kumapeto kwa mwezi ndikalandira" amaiwala yachiwiriyo. Dziwaninso kuti malamulo a pamsewu amalola kugulitsa galimoto imene yakhala osaomboledwa, ndalama zake n'kuyamba kulipira zokokera ndi zosungira.

Lipirani pa kauntala pokha, mulandire risiti yokhala ndi nambala ya galimoto yanu. Anyamata oima pa geti amene amati ali ndi munthu wawo m'kati sitikuwadziwa, ndipo wopereka ziphuphu naye ndi wopalamula.

Ndinangonyamula anzanga a kutchalitchi, anangothandiza ya mafuta. Akuti ndikuchita takisi popanda pemiti. Zoona zimenezi?

Iyi ndi nkhani ina, ndipo ndi yolemera kuposa ya kuimika polakwika. Lamulo la zamtengatenga la 2009, NLTA, limati wonyamula anthu molipiritsa akhale ndi laisensi yochitira ntchitoyo, ndipo gawo 87 limapatsa wapolisi mphamvu yogwira galimoto ngati ali ndi zifukwa zomveka zoganizira kuti ikugwira ntchitoyo popanda laisensiyo kapena mophwanya zolembedwamo. Nthawi zambiri wapolisi amangofunsa okwera kuti alipira zingati. Mmodzi akatchula mtengo, galimoto yapita.

Kutuluka kwake kumadalira mlandu. Gawo lomwelo limati galimoto imatulutsidwa mlandu ukachotsedwa kapena khoti likakupezani osalakwa. Mukapezeka wolakwa, imatuluka mutalipira ndalama yogwidwira, imene imakwera mukagwidwanso kachiwiri. Ambiri amathamangira kulipira chindapusa chovomera mlandu kuti galimoto ibwerere pamsewu msanga. Sitikuti musatero, popeza galimoto yongokhala siibweretsa ndalama. Koma kulipira kotero kumawerengedwa ngati khoti lakupezani wolakwa, ndipo kwa munthu amene adzafune kuwonjezera pemiti yokhalira m'dziko muno, ndi bwino kufunsa loya asanasayine. Ngati analidi anzanu a kutchalitchi, tengani manambala awo a foni tsiku lomwelo, adzakhale mboni.

Amatransipota opita kumudzi kudzera pa Beitbridge, pemiti yanu ndi ya C-BRTA, bungwe loona zamtengatenga zodutsa malire, ndipo woyendetsa okwera olipira amafunikanso PrDP, chilolezo choyendetsera galimoto ngati ntchito.

A SAPS akuti nambala ya chesisi ndi yokayikitsa. Ine ndinagula mwachilungamo.

Mwina n'zoona, koma lamulo la pamsewu la 1996 limaletsa kukhala ndi galimoto imene nambala yake ya injini kapena ya chesisi inasinthidwa, pokhapokha pali chifukwa chovomerezeka. Galimoto yotere siituluka ndi ndalama. Lembani nambala ya mlandu imene amati CAS, nambala ya SAP 13, ndi dzina la wofufuza, chifukwa kalata yotulutsira imayambira kwa iye. Akapeza kuti inabedwa, imabwerera kwa mwini wake kapena kwa a inshuwalansi, inu n'kutsala ndi kufunafuna amene anakugulitsani. Akapeza kuti ilibe vuto, ndipo siikufunika ngati umboni, lamulo la milandu la 1977 limati ibwezedwe. Koma akatumiza kalata yokuitanani ku adiresi imene munapereka, inu osabwera m'masiku 30, galimoto imakhala ya boma. Mukasamuka chipinda, kauzeni wofufuza.

Angagwire galimoto chifukwa cha matikiti akale osalipira?

Tikiti yosalipira payokha si chifukwa chogwirira galimoto. Chimene ingachite, ikafika patali pa AARTO, lamulo loyendetsera matikiti a pamsewu, ndi kukutsekerani kugula disiki yatsopano.

Pemiti yanga yokhalira m'dziko muno inatha. Ndikapita ku paundi sandimanga?

Takhala tikulizemba funsoli, koma likufunsidwa tsiku ndi tsiku. Ku paundi kuli apolisi, ndipo lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko limawalola kufunsa munthu mapepala ake. Sitingakuuzeni kuti pitani simukafunsidwa. Chimene ena amachita ndi kutuma munthu wa mapepala abwino ndi laisensi yabwino, atatenga kalata yomuloleza ndi kope yodindidwa ya chiphaso cha mwini. Za pemiti yeniyeniyo kafunseni loya kapena ku Legal Aid South Africa.

Ndaipeza yopanda batire, tayala lapadera kulibe.

Musatuluke nayo pa geti musanaizungulire. Jambulani, yerekezani ndi zimene zinalembedwa tsiku logwidwa, ndipo chosowa chilichonse chilembedwe pa fomu musanasayine. Mukangosayina kuti mwailandira ili bwino, dandaulo lanu lafooka. Kubwezeredwa kumatenga nthawi yaitali, ndipo si onse amene amabwezeredwa.

Timasonkha mwezi ndi mwezi. Bwanji ofesi osatilipirira?

Thumba limene mumasonkha ndi la maliro ndi kutumiza mitembo kumudzi. Mamembala anagwirizana choncho, ndipo komiti ilibe mphamvu yolipatutsa. Ena akuti tinalipirirapo munthu wina chaka chatha. Mabuku alipo, aliyense angathe kudzawaona. Chimene timachita kwaulere ndi kukuwerengerani pepala la apolisi, kukuthandizani kulemba afidaviti, ndi kuimbira wogulitsa limodzi nanu. Amene akufuna kuti thumba liyambe kuthandiza za magalimoto alembere mlembi, nkhaniyo ilowe pa msonkhano ukubwerawu.