Sopo wotsala m'nkhokwe ndi mapindu awiri osiyana

Eni mafakitale ang'onoang'ono amadabwa akauntanti akawapatsa mapindu awiri a mwezi umodzi, kenaka n'kumuganizira kuti wasokoneza mabuku. Kawirikawiri palibe cholakwika. Nkhani yagona pa ndalama zimene fakitale imalipira kaya yapanga katundu kaya ayi: lendi, malipiro a kapitawo, kutha kwa makina.

Tiyerekeze fakitale ya sopo. Mtanda umodzi umadya K900 pa mafuta, kositiki soda, pepala lokutira ndi aganyu, ndipo umagulitsidwa K1,500. Ndalama zosasintha zija ndi K2,000,000 pamwezi. Mu Januwale apanga mitanda 10,000 koma agulitsa 8,000.

Pali njira ziwiri zowerengera phindu. Yoyamba, yotchedwa majinolo, imati sopo aliyense wadya K900 basi. Wogulitsidwa aliyense wasiya K600, onse pamodzi K4,800,000. Apa timachotsa K2,000,000 yonse chifukwa ndi ya mwezi umenewo, ndipo phindu ndi K2,800,000.

Njira yachiwiri, yotchedwa abuzopushoni, imagawa K2,000,000 ija pa mitanda yonse 10,000, uliwonse n'kusenza K200. Tsopano mtanda wadya K1,100, wasiya K400, ndipo pa 8,000 phindu ndi K3,200,000.

Nanga K400,000 yosiyanayi yachokera kuti? Mitanda 2,000 yotsala m'nkhokwe yasenza K200 uliwonse. Lendi analipira kale, landilodi ndalama analandira, koma m'mabuku gawo lake lakhala mu sitoko kudikira tsiku limene sopoyo adzagulidwe. Mu Febuluwale akapanganso 10,000 n'kugulitsa 12,000, zinthu zimatembenuka: majinolo ipereka K5,200,000, abuzopushoni K4,800,000. Mukaphatikiza miyezi iwiriyi, njira iliyonse ikupatsani K8,000,000. Choncho sitoko ikakwera abuzopushoni imaonetsa phindu lalikulu, ikatsika imaonetsa locheperapo, ikapanda kusintha ziwirizi zimafanana.

Mabuku a pachaka opita kwa maodita ndi kubanki kawirikawiri amatsata IAS 2, lamulo la akauntanti la padziko lonse lokhudza sitoko, lomwe limafuna kuti mtengo wa sitoko uphatikize gawo la ndalama zosasintha za kufakitale, logawidwa potengera kuchuluka kwa katundu amene fakitale imapanga nthawi zonse. Malipiro a ogulitsa ndi ndalama zotsatsira malonda salowamo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Manijala amene bonasi yake imadalira phindu la abuzopushoni angathe kulikweza osagulitsa ngakhale mtanda umodzi wowonjezera. Amangouza anyamata apange sopo wambiri, lendi yochuluka n'kukabisala m'nkhokwe. Mudzazindikira mukaona phindu likukwera pomwe malonda ali pomwepo, makatoni afika kudenga, ndipo kubanki ndalama zikuchepa chifukwa zathera kugula mafuta. Zikatero pemphani lipoti la majinolo, muwerengenso mitanda yomwe yawonjezekera m'nkhokwe n'kuchulukitsa ndi gawo la ndalama zosasintha pa mtanda umodzi. Sopoyo akauma kapena kusweka n'kuyenera kugulitsidwa motchipa kuposa mtengo wake wa m'mabuku, lamulo lomwelo limakakamiza kutsitsa mtengo wa sitokoyo, ndipo kutayako kumaonekera m'mwezi womwe mwatsitsa.