Chitsulo chikatentha koma n'kusowa kotambasukira

Tengani ndodo yachitsulo yozungulira, yotalika mamita 2, yonenepa mamilimita 20. Iwotchererereni pakati pa makoma awiri olimba oti sangasunthe, kunja kukuzizira pa madigiri 15. Pofika masana dzuwa laitenthetsa mpaka madigiri 55. Mukaiyeza mupeza kuti ikadali mamita 2 omwe aja, koma m'kati mwake zinthu sizili ngati m'mawa.

Chitsulo chikatentha chimatalika. Chitsulo wamba chomangira chimawonjezera mamilimita 0.012 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Ndiye ndodo yathuyi ikanakhala yongogona pansi ikanatalika ndi 0.012 × 2 × 40, omwe ndi mamilimita 0.96. Ngakhale milimita imodzi sikwana. Ikatalika momasuka chonchi palibe chovuta, chitsulo sichimva kanthu. Vuto ndi makoma aja. Poikaniza kutalika, amakhala ngati aitenga ndodo yotalika kale n'kuifinya mpaka ibwerere pa msinkhu wake wakale, ndipo kufinya chitsulo, ngakhale pang'ono chotere, kumafuna mphamvu yoopsa.

Mainjiniya amawerengera kupanikizikako motere:

```
σ = E × α × ΔT
σ = 200 000 × 0.000012 × 40 = 96 MPa
```

Apa σ ndi kupanikizikako, E ndi kuuma kwa chitsulo, kukana kwake kufinyika. α ndi mmene chimatalikira pa digiri iliyonse. ΔT ndi kusiyana kwa kutentha kwa tsopano ndi kwa nthawi imene munachimanga. Yankho la 96 MPa likutanthauza kuti kachigawo kalikonse ka milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pa nkhope ya kunsonga kwa ndodoyo kakusenza manyutoni 96. Nkhope yonse ili ndi tizigawo totere 314, choncho khoma lililonse likukankhidwa ndi manyutoni pafupifupi 30,000. Kumeneko ndi kulemera kwa matani atatu, kochokera ku kandodo konenepa ngati chala chachikulu.

Onani kuti m'kawerengedwe kaja mulibe kutalika kwa ndodo. Yaitali imafuna kutambasuka kwambiri, inde, koma imafinyikanso mosavuta pa mlingo womwewo, ndiye ziwirizi zimafafanizana. Kunenepa namonso mulibe. Apa mpamene ambiri amaphonya: akaona chitsulo chikuvutika amati tiike chonenepa. Chonenepa kawiri chimapanikizika pa 96 MPa pomwe paja, koma popeza nkhope yake yakula kanayi, chimakankha khoma ndi matani khumi ndi awiri. Mabawuti ndi mowotcherera ndiye amayamba kulira.

Chitsulo wamba chimayamba kugonjeratu pa 250 MPa kapena cha pamenepo, ndiye munthu angati 96 ndi yochepa, palibe mantha. Ayi. Ndodo yowonda siidikira kuphwanyika, imathawira m'mbali. Ya mamita 2 ndi mamilimita 20, yogwidwa zolimba nsonga zonse ziwiri, imapindika ikakankhidwa ndi manyutoni pafupifupi 15,500, theka chabe la mphamvu ija. Kunena kwina, kutentha kukangokwera ndi madigiri 21 yayamba kale kukhota ngati uta, ndipo matani atatu aja safikako n'komwe. Kutalika kumene kunalibe ntchito poyamba kuja, pano ndiye mwini nkhani: mukatalikitsa ndodo kawiri, mphamvu yoipinda imachepa kanayi. Chizindikiro chake n'chosavuta. Kokani chingwe kuchokera nsonga ina kufika ina masana: pakati pa ndodo pamakhala patatalikirana ndi chingwecho, m'mawa n'kupezeka yawongoka.

Ndodo yaifupi, yonenepa, singapindike. Iyoyo ikatenthedwa kupitirira madigiri 104 pamwamba pa pomwe inamangidwira, imafika pa 250 MPa paja n'kufinyikiratu. Zoipa zake zimaoneka ikazizira. Tsopano ndi yaifupi kuposa mpata wa pakati pa makoma, ndiye imayamba kuwakoka, ndipo kukankha ndi kukoka kobwerezabwereza kumeneku n'kumene kumabweretsa ming'alu m'mbali mwa mowotcherera.

Mankhwala ake ndi kuipatsa mpata, koma mpatawo uwerengedwe. Mukasiya mamilimita 0.5 ku nsonga imodzi ya ndodo yathu, makoma amangokaniza mamilimita 0.46 otsalawo, ndipo kupanikizika kumatsika kufika 46 MPa. Mukasiya milimita yathunthu kumatheratu. Pa ntchito yeniyeni, nsonga imodzi imamangidwa zolimba, inayo imagwidwa ndi bawuti wolowa m'bowo lotalika ngati kanjira, loloza komwe ndodo ikutambasukira. Bawutiyo akamangidwa mopitirira muyezo, kapena kanjirako kakadzaza dzimbiri ndi penti, nsonga ija imagwira, ndipo ndodoyo yabwereranso pakati pa makoma awiri osasuntha.