Mbiri ya malemu yakwana masamba asanu, koma mwapatsidwa mphindi zitatu

Ndayendetsa miyambo ya maliro kwa zaka zambiri m'midzi ya kuno ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Luchenza, ndipo pempho lomwe silisowa usiku wa pa siwa ndi lakuti, "Abambo, tationerani mbiriyi, akuti yatalika." Amene akuti yatalika sakhala ankhanza. Pamwambo womwewo alankhulapo mwinimbumba, amfumu, akuntchito, nthawi zina ndi aphungu. Abusa akudikira kulalikira, adzukulu atha kale kukumba, ndipo ikakhala nyengo ya chiperoni anthu akunyowa chiimirire. Owerenga mbiri amapatsidwa mphindi zitatu, zikachuluka zinayi.

Mphindi zitatu ndi zochepa kuposa momwe anthu amaganizira. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo pachimkuzamawu munthu sathamanga. Ine ndikamawerenga mofatsa, mawu 90 kapena 100 amanditengera mphindi imodzi. Ndiye mphindi zitatu ndi mawu osapitirira 300, ndipo ngati wowerengayo ndi wachibale ndimamuuza kuti alekere pa 250, chifukwa penapake mawu adzamutsamwa n'kuima kaye. Pa kope la kusukulu, amenewo ndi masamba osakwana awiri.

Tsiku lina anandibweretsera mbiri mnyamata wina amene amalume ake anamwalira atagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ya tiyi mpaka kupuma. Anali atalemba masamba asanu odzaza. Ndinamupatsa wotchi n'kumuuza kuti awerenge mokweza kuseri kwa nyumba, ndipo zinamutengera mphindi zisanu ndi zinayi. Musadumphe zimenezi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, maso amathamanga kuposa pakamwa.

Mnyamatayo anafuna kuyamba kufufuta mawu amodziamodzi pamzere uliwonse. Ndinamuletsa. Mbiri yodulidwa motero imafupikadi, koma chomwe chimayamba kuchoka ndi tinkhani tija tomwe timaoneka ngati tosafunika, n'kutsala zaka ndi mayina a malo, ngati kalata yofunsira ntchito. Anthu amamvetsera mwaulemu koma malemu samuona.

M'malo mwake tinatenga pepala latsopano. Pamwamba tinalemba zomwe mudzi umayembekeza kumva ndipo sizingasiyidwe: dzina lonse, chaka chobadwa ndi mudzi, makolo, banja, ntchito, mpingo, tsiku lomwalira, ndi omwe asiyidwa. Zonsezi zinalowa m'ziganizo zisanu ndi chimodzi, mawu pafupifupi 80. Sukulu zinayi zomwe malemu anaphunzirako, iliyonse ndi chaka chake, zinasanduka chiganizo chimodzi. Magawo a esiteti omwe ankasamutsidwirako tinawasiya onse. Anzawo akuntchito akuwadziwa, ndipo enawo sawasowa.

Tsamba lathunthu linali la matenda: tsiku lomwe anayamba kudandaula, chipatala choyamba, mankhwala, kutumizidwa ku Blantyre, kubwerera. Ndikumvetsa chifukwa chake anamfedwa amalemba zimenezi, ndi zomwe zili pafupi kwambiri mumtima, komanso amafuna anthu adziwe kuti sanangokhala manja lende. Koma za matenda amafotokoza kale mwinimbumba, ndipo kuzibwereza mwatsatanetsatane kumangopatsa anthu zokanong'onezana pobwerera kumanda. Tinalemba kuti anadwala miyezi itatu, banja linayesetsa, Mulungu anawaitana. Zothokoza a mpingo, amayi a Mvano ndi onse opereka chipepeso tinazibwezanso kwa mwinimbumba.

Apa tinatsala ndi malo a mawu 150, ndipo ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Mnyamatayo anali atalemba kuti amalume ake anali achifundo, okonda anthu, olimbikira ntchito, oopa Mulungu, osakonda mikangano. Mawu amenewa ndawamva pamaliro onse omwe ndapitako, ngakhale a anthu omwe mudzi wonse unkawathawa. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mukuti anali achifundo. Munaona chiyani ndi maso anu?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati munthu akadwala usiku m'mudzimo, anthu ankagogoda kwa amalume, chifukwa ankadzuka osafunsa kuti ndi wa kwa yani, n'kumukweza pa njinga yawo yakapalasa mpaka kuchipatala, ndipo m'mawa 6 koloko anali ali kale m'munda wa tiyi. Nkhani imeneyi inalimo m'masamba asanu aja, koma inabisala pa tsamba lachinayi, m'mizere iwiri. Tinaitulutsa poyera, n'kuchotsa mawu oti "achifundo" ndi "olimbikira", poti njingayo yanena kale zonse ziwiri.

Muyezo wanga posankha chikumbutso ndi umenewo: kodi womvera angachione? Mukhale chinthu chogwirika, njinga, chipewa, mtengo wa mapeyala pakhomo. Ndipo funsani ngati nkhaniyo ingakambidwe za munthu wina aliyense. Ngati inde, ichotseni. Zikumbutso ziwiri n'zokwanira. Zikafika zinayi, chilichonse chimalandira chiganizo chimodzi ndipo palibe chomwe chimakhazikika.

Chachiwiri tinasankha mawu a malemu eniake. Ana akamachuluka zokamba m'malo mogwira ntchito, ankawauza kuti, "Dengu silidzaza ndi pakamwa." Tinawalemba momwemo, osawakonza. Ngati malemu ankakonda kunena mawu akewo m'Chilhomwe, asiyeni m'Chilhomwe; omwe ankawamva adzamva liwu lake. Ena amaopa kuti anthu aseka pamaliro. Kuseka kwa anthu omwe amuzindikira munthu wawo si chipongwe, bola nkhaniyo isachititse manyazi wamasiye kapena ana.

Pali malo amodzi pomwe kufupikitsa kumabala mlandu, ndipo ndaonapo mabanja akusiya kulankhulana chifukwa chake: mayina a ana. Malemuwa anali ndi ana asanu ndi awiri kwa amayi awiri. Mnyamatayo, pofuna kusunga nthawi, anatchula anayi a m'nyumba yomwe munachitikira maliro, n'kuwonjezera kuti "ndi ena". Kuno komwe ana amawerengedwa kwa mayi awo, a mudzi winawo amabwera atatchera kale khutu kuti amve ngati awerengedwa. Tchulani onse, kapena musatchule aliyense: "Asiya ana asanu ndi awiri ndi zidzukulu 19." Chiwerengerocho chitsimikizeni kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri usiku womwewo, osati m'mawa bokosi litatuluka.

Titamaliza, anakopera zonse ndi zilembo zazikulu, kudumpha mzere umodzi, chifukwa maso a misozi saona tizilembo ta pafoni, komanso padzuwa foni siwerengeka. Chiganizo chilichonse chomwe sanathe kuchimaliza ndi mpweya umodzi tinachidula pawiri. Ndime ya mpingo tinaizinga ndi cholembera kuti woyendetsa mwambo akamukodola, aidumphe, poti abusa aikhudza ndithu. Nkhani ya njinga tinaiika pakati, osati kumapeto, kuti ngakhale nthawi itam'thera ikhale itamveka kale. Ndinapemphanso mchemwali wake kuti aime pambali pake ndi pepala lofanana, kuti akalephera apitirize.

Anawerenganso ndi wotchi: mphindi ziwiri ndi theka. Mawa lake pamwambo zinakwana zitatu ndendende, chifukwa atafika pa dengu lija amayi ena omwe ankathyola nawo tiyi anamalizitsa mawuwo iye asanawamalize, ndipo anayenera kudikira. Masamba asanu aja sanawataye. Ndinamuuza awasunge m'Baibulo la amalume akewo, adzawerenge onse tsiku loika mwala pamanda, pomwe padzakhale abale okhaokha ndipo palibe wom'kodola.